Malikisi a njira padera, a yankho padera: ndondomeko yochongera ikonzedwe motani?

*"Ndine mphunzitsi wa masamu, ndipo tilipo awiri amene tikuphunzitsa makalasi ofanana. Tinagwirizana kuti pa pepala la mafunso la sabata iliyonse tizipereka malikisi a njira padera, a yankho padera. Koma zikutivuta. Pepala la mwana mmodzi ine ndinalipatsa 4 pa 5, mnzanga analipatsa 2. Ana ena amangolemba yankho lolondola osaonetsa njira, ena amaphonya koyambirira n'kupitiriza bwinobwino ndi nambala yolakwikayo. Kodi ndondomeko yochongera tiikonze bwanji kuti tisamasiyane chonchi?"*

Aphunzitsi, mtima m'malo. Palibe mwa inu awiri amene sadziwa masamu, ndipo sindikukhulupirira kuti wina ndi wouma mtima pamene mnzake ndi wolekerera. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuchonga komanso kuthandiza aphunzitsi anzanga kukonza mapepala, nthawi zambiri ndikapempha kuti andionetse ndondomeko yomwe inabweretsa mkangano wotere, ndimapeza muli mayankho okha, ndipo pambali pake palembedwa kuti "njira 2, yankho 1". Mawu amenewo sauza wochonga chilichonse. Wina akamati njira amatanthauza kuti mwana wayesetsa, walembako kanthu kooneka ngati masamu. Wina amatanthauza kuti mzere uliwonse ukhale wolondola mpaka kumapeto. Onsewa akuchonga mokhulupirika, kungoti aliyense akutsatira ndondomeko yomwe ili m'mutu mwake.

Mankhwala ake ndi akuti malikisi aliwonse a njira amangiriridwe pa chinthu chooneka ndi maso pa pepala la mwana, choti munthu n'kuloza ndi chala kuti nachi, kapena palibe. Musalembe kuti "wagwiritsa ntchito lamulo loyenera". Lembani mzere weniweniwo womwe mukufuna kuuona, ndi manambala a m'funsomo. Zina zonse zomwe ndifotokoze zikuchokera pamenepa.

Ochonga masamu ambiri amagwiritsa ntchito zilembo zitatu. M ndi ya njira, ndipo imaperekedwa mwana akasankha njira yolondola n'kuikamo manambala a m'funso, ngakhale ataphonya powerengera. A ndi ya yankho lolondola, koma imadalira M, kutanthauza kuti siiperekedwa ngati M yake sinapezeke. B ndi yoima payokha, yosadalira njira iliyonse, monga kulemba muyeso woyenera kapena kuwerenga nambala pa girafu. Nambala yotsatira chilembo ikunena kuchuluka kwa malikisi, choncho M1 ndiye kuti mwana wapeza, M0 waphonya. Mawu akuti "n'kuikamo manambala" musawadumphe. Mwana amene wangokopera fomula, ilibe nambala ngakhale imodzi ya m'funso, sanayambe njira. Waonetsa kuti amakumbukira, osati kuti amadziwa pogwiritsa ntchito. Ngati mukufuna kumulipira chifukwa chokumbukira, ikani B1 yakeyake, koma musaitche M.

Tiyeni titenge funso limodzi tiliyendetse mpaka kumapeto. Pali thirayango yokhala ndi ngodya ya madigiri 90. Mbali yayitali kwambiri, yoyang'anana ndi ngodyayo, ndi masentimita 13, ndipo mbali ina ndi masentimita 5. Gawo (a) likufunsa kutalika kwa mbali yachitatu, malikisi 3. Gawo (b) likufunsa eliya ya thirayangoyo, malikisi 2. Ndondomeko yake ingaoneke motere:

```
(a) x² + 5² = 13²  kapena  13² − 5²     M1
    √(13² − 5²)                         M1 dep
    12                                  A1
(b) ½ × 5 × (yankho lake la a)          M1
    30                                  A1 ft
```

Zilembo za dep zikunena kuti M yachiwiri imadalira yoyamba. Chifukwa chake n'chakuti popanda lamuloli, mwana aliyense amene waika chizindikiro cha sikweya luti pa nambala ina iliyonse angapeze malikisi, ngakhale nambalayo itachokera kutchire. Zilembo za ft zikunena kuti yankho la gawo (b) tilichonga potsatira nambala yomwe mwanayo anapeza mu gawo (a), kaya inali yolondola kaya ayi. Onaninso kuti mu gawo (b) sindinalembe ½ × 5 × 12, ndalemba kuti "yankho lake". Mawu awiri amenewa amathetsa mikangano yambiri kuposa china chilichonse mu ndondomeko.

Tsopano tibweretse mapepala a ana. Woyamba walemba 13² − 5², kenaka 169 − 25 = 134, kenaka √134 = 11.6, ndipo mu gawo (b) walemba ½ × 5 × 11.6 = 29. Mayankho ake onse awiri sakufanana ndi anu, ndipo wochonga amene akuyang'ana mayankho okha aona zolakwika zokhazokha. Koma titsate mizere. Mzere woyamba ulipo, M1. Watenga sikweya luti ya chotsala chake, M1. Nambala 12 palibe, A0. Mu gawo (b) njira ndi yolondola, M1, ndipo theka la 5 kuchulukitsa ndi 11.6 ndi 29 ndithu, A1 ft. Wapeza 4 pa 5. Mwanayu analakwitsa kamodzi kokha, pochotsera 25 pa 169, ndipo wataya malikisi kamodzi kokha. Ndikuganiza kuti pepala lomwe munasiyanapo linali la mtundu umenewu. Amene amapereka 2 amakhala atamulanga mwana katatu pa cholakwa chimodzi.

Wachiwiri wayamba ndi 13² + 5² = 194, √194 = 13.9, kenaka ½ × 5 × 13.9 = 34.75. Uyu kuwerengera kwake konse kulibe vuto, koma njira ya gawo (a) ndi yolakwika, chifukwa waphatikiza pofunika kuchotsera, sanazindikire kuti 13 ndiyo mbali yayitali. Apa ndi M0, ndipo yachiwiri imagwa nayo chifukwa imadalira yoyamba, A0. Mu gawo (b) apeza M1 ndi A1 ft. Zonse pamodzi 2 pa 5. Mukayerekeza awiriwa muona phindu la kulekanitsa malikisi. Onse aphonya mayankho onse, koma woyamba akufunika kuuzidwa kuti azionanso kuchotsera kwake, pamene wachiwiri akufunika kuphunzitsidwanso lamulo la Pythagoras kuchokera pa chithunzi.

Aphunzitsi ena mtima umawapweteka kumupatsa ziro mwana wachiwiriyu mu gawo (a), poti anadziwa kuti pakufunika masikweya ndi sikweya luti. Ine sindiwatsutsa. Ngati mutuwo mwangouyamba kumene, mukhoza kuonjezera mzere wapadera wonena kuti amene wapeza 13.9 kuchokera pa 194 apatsidwe 1 pa 3. Chofunika n'chakuti mzerewo ulembedwe mu ndondomeko musanayambe kuchonga, kuti chifundocho chifike kwa ana onse a makalasi onse awiri. Chifundo chongobwera pamene wochonga wagwira pepala la mwana amene amamudziwa kuti amalimbikira, chimenecho ndicho chimabala dandaulo. Mutu ukafika kumapeto, ine mzere umenewu ndimauchotsa, popeza kuzindikira mbali yayitali ndiye phata la funsoli.

Wachitatu ndiye wovuta, ndipo ndikupemphani kuti inu ndi mnzanuyo mukhale pansi mukambirane za iyeyu. Walemba 13² − 5², kenaka 26 − 10 = 16, √16 = 4. Iye 13² akuiona ngati 13 kuchulukitsa ndi 2. Kodi kumeneku ndi kuphonya powerengera, kapena njira yomwe ndi yolakwika? Potsatira ndondomeko yathu monga yalembedwera, mzere woyamba ukuoneka, ndiye M1 wapeza. Watenganso sikweya luti ya chotsala chake, M1 yachiwiri wapeza, A0. Ena anena kuti 2 pa 3 yachuluka kwa mwana amene sadziwa tanthauzo la sikweya, ndipo mfundo yawo ndi yomveka. Ngati mukugwirizana nawo, musakangane pa pepala la mwanayo, sinthani ndondomeko. Lembani kuti M yachiwiri imafuna kuti 169 kapena 25 ioneke. Mukatero mwana woyamba uja wa 134 sataya kanthu, pamene wachitatuyu atsika kufika pa 1. Ine ndimakonda kutero, chifukwa cholakwa chakecho n'cha kusamvetsa, si dzanja loterereka. Ndipo mwana wina akangolemba 26 − 10 popanda mzere wa 13² − 5² pamwamba pake, ameneyo ndi M0, chifukwa palibe choti tiloze. Sitichonga zomwe tikuganiza kuti zinali m'mutu mwake.

Poyesa kusiyanitsa mitundu iwiri ya zolakwazi, ndimadzifunsa funso limodzi: mwanayu atapatsidwa kakyuleta n'kudina ndendende zomwe walemba pa mzerewu, kodi angafike pa yankho lolondola? Ngati inde, njira ili bwino ndipo M ndi yake. Ngati kakyuletayo ingamufikitse pa yankho lolakwika, vuto lili m'njira. Mu gawo (b), amene walemba ½ × 5 × 12 = 35 apeza M1 A0. Amene walemba 5 × 12 = 60, waiwala theka, apeza M0 A0. Amene walemba ½ × 5 × 13 = 32.5 watenga mbali yayitali ngati msinkhu wa thirayango, nayenso M0 A0, ngakhale fomula yake ikuoneka bwino.

Tibwere kwa ana olemba yankho lokha. Nkhaniyi siithera mu ndondomeko yochongera, imayambira pa pepala la mafunso. Ngati funso silinanene kuti njira ionetsedwe, mwana amene walemba 12 basi ayenera kulandira malikisi onse atatu. Yankho lolondola ndi umboni wakuti njira inalipo, ndipo sibwino kumulanda malikisi chifukwa cha lamulo lomwe sanauzidwe. Ngati funso lanena momveka kuti "onetsani njira yanu yonse", pamenepo muli ndi ufulu wokana. Pa pepala la m'kalasi ine ndimalangiza kuti mawu amenewa alembedwe pamwamba, ndipo ndondomeko inene kuti yankho lolondola lopanda njira ndi 1 pa 3. Malikisi amenewa muwalembe ngati B1, osati A1, kuti lamulo lija lakuti A imadalira M lisaphwanyike. Cholinga cha pepala la sabata ndi kuona mmene mwana akuganizira, komanso tisabise, ana amaonerana, ndipo nambala imodzi siivuta kukopera kusiyana ndi mizere itatu. Yankho lolakwika lopanda njira ndi ziro nthawi zonse, ngakhale litayandikira bwanji. Ana akazindikira zimenezi amayamba okha kulemba mizere, chifukwa amaona kuti mnzawo wa 134 uja anapulumutsa malikisi anayi amene iwo akanataya.

Pali kanthu kena kapakatikati. Mwana walemba √144 = 12, osalemba 13² − 5². Nambala 144 singachokere kwina, ndiye ikuikira umboni mzere woyamba. Mu ndondomeko lembani kuti 144 ikaoneka, M1 yoyamba iperekedwe. Ana anzeru amadumpha masitepe, ndipo ndondomeko yosalola zimenezi imalanga amene amvetsa kwambiri.

Funso lathuli lili ndi msampha womwe ndauika dala. Phatikizani mbali zitatu za thirayangoyi: 5 + 12 + 13 ndi 30, chimodzimodzi ndi eliya yake. Ndiye mwana amene wasokoneza eliya ndi perimita afika pa yankho lomwe lili pa pepala lanu. Akaonetsa kuti anaphatikiza, nkhani ndi yosavuta, M0 A0, ngakhale 30 ali pomwepo ndipo mwanayo adzabwera kudzadandaula. Apa ndi pamene kudalira kwa A pa M kumagwira ntchito yake. Koma akangolemba 30 yekha, simungadziwe kuti wadzera kuti. Ndondomeko singakonze zimenezi, chofunika kusintha ndi manambala a m'funso. Komanso 5, 12 ndi 13 ana ambiri amawaloweza, ndiye ena alemba 12 osawerengera chilichonse. Onaninso kuti mwana wochulukitsa ndi 2 uja anapeza 16, nambala yokhala ndi sikweya luti yosalala, choncho palibe chinamuchenjeza kuti wasochera. Mukatenga 17 ndi 8, mbali yachitatu ndi 15, eliya ndi 60, perimita ndi 40, msampha woyamba wachoka. N'chifukwa chake ndimati ndondomeko ilembedwe nthawi imodzi ndi mafunso, pepala lisanasindikizidwe. Yankhani funso lililonse m'njira yolondola, kenaka muliyankhenso m'njira ziwiri kapena zitatu zolakwika zomwe mukudziwa kuti ana anu amagweramo, muone ngati ina ikufika pa yankho lolondola mwangozi.

Mukafuna kuthana ndi kuloweza, sankhani manambala osatuluka mosalala, monga 11 ndi 6. Apa 121 − 36 ndi 85, ndipo sikweya luti yake ndi 9.2195 n'kumapitirira. Koma mwatsegula khomo lina, la kufupikitsa manambala. Funso linene kuti yankho likhale ndi manambala angati pambuyo pa kadontho, ndipo ndondomeko inene mayankho omwe mulandire. Mu gawo (b), wogwiritsa ntchito nambala yonse ya pa kakyuleta apeza 27.66, wogwiritsa ntchito 9.22 apezanso 27.66, wogwiritsa ntchito 9.2 apeza 27.6, ndipo amene anafupikitsa mpaka 9 apeza 27. Mungalembe kuti mulandira kuyambira 27.6 mpaka 27.7. Wa 9 uja ataye A ya gawo (a), ndipo mu gawo (b) mumutsatire ndi ft monga wina aliyense. Mukasiya osalemba malire amenewa, mmodzi wa inu alandira 27.6, wina aikana, ndipo mubwerera pomwe munali.

Kutsatira cholakwa kuli ndi malire ake, ndipo muwalembe. A1 ft imaperekedwa pokhapokha njira ya gawolo ili yolondola ndipo mwana wawerengera molondola ndi nambala yakeyo. Siiperekedwa mkati mwa gawo lomwe cholakwacho chachitikira, n'chifukwa chake 12 wa gawo (a) alibe ft. Ndiponso siiyenera kuperekedwa ngati cholakwa choyamba chafewetsa ntchito yotsatira, mwachitsanzo ngati mwana walakwitsa mpaka ikwezhoni yokhala ndi x² yasanduka ya x yekha. Pamenepo luso lomwe gawo lachiwiri limayesa sanalionetse. Palinso mayankho osatheka, monga kutalika kokhala ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo. Amenewo M ikhoza kuperekedwa ngati njira ikuoneka, koma A ayi, chifukwa mwana anayenera kuona kuti zimenezi sizingachitike. Wina angafunse za 13.9 uja, poti mbaliyo yaposa mbali yomwe imayenera kukhala yayitali kwambiri. Kunena zoona nayonso ndi yosatheka. Ine ndimamulola ft mu gawo (b) chifukwa wataya kale malikisi onse a gawo (a) pa cholakwa chomwecho, koma ndimalemba pambali kuti "yerekeza ndi 13". Inu mukhoza kugamula mosiyana, bola mugamule limodzi.

Dziwani kuti ft imadya nthawi ya wochonga, chifukwa pepala lililonse lolakwika limafuna kuti muwerengere nokha ndi nambala ya mwanayo. Madzulo mutatopa, n'zosavuta kungoona kuti 29 si 30 n'kudula. Pofuna kupewa zimenezi, lembani kumapeto kwa mzere wa ft mayankho omwe abwere kawirikawiri: 13.9 apereka 34.75 kapena 34.8, 11.6 apereka 29, 4 apereka 10, ndipo 8, wa mwana amene anangochotsera 5 pa 13, apereka 20. Komanso musaike ft paliponse. Ikani pamene gawo lina likudaliradi yankho la gawo lapitalo.

Nkhani ya kuwerenga funso molakwika imafanana ndi imeneyi. Mwana waona 15 pamene palembedwa 13, n'kulemba 15² − 5² = 200, √200 = 14.1. Ngati zikuonekeratu kuti ndi maso anaphonya, ndipo funso silinafewe chifukwa cha kusinthako, mupatseni ma M onse, ataye A ya gawo (a), kenaka ft ipitirire. Izi ndi zosiyana ndi mwana amene wakopera molakwika ntchito yake yomwe kuchoka pa mzere wina kupita pa wina, komwe ndi kuphonya wamba kotayitsa A.

Njira zina zolondola muzisiyire malo. Mwana amene anaphunzira kale za sin ndi cos akhoza kupeza ngodya kuchokera pa 5 kugawa ndi 13, kenaka n'kupeza mbali yachitatu. Pokhapokha ngati funso lanena kuti agwiritse ntchito lamulo la Pythagoras, njira imeneyi ndi yovomerezeka, ndipo malikisi agawidwe mofanana: M1 ya sitepe yoyamba yolondola, M1 ya mzere womwe ungatulutse mbaliyo, A1 ya 12. Mukakumana ndi njira yomwe simunaiganizire, musaichonge nokha mwakachetechete. Ikani pepalalo pambali, mugwirizane ndi mnzanuyo, muilembe mu ndondomeko. Mwana akalemba njira ziwiri osafufuta imodzi, chongani yomwe yatulutsa yankho lomwe walipereka ngati lomaliza. Ntchito yomwe waidula koma osalemba ina m'malo mwake, ngati ikuwerengeka, ichongeni.

Za muyeso, monga cm kapena cm², musazibise mkati mwa A, chifukwa mwana woiwala muyeso angataye malikisi pa funso lililonse ngakhale masamu ake onse ali bwino. Sankhani funso limodzi pa pepalalo muikepo B1 ya muyeso, kwinako musalange.

Pogawa malikisi, werengani masitepe enieni ofuna kuganiza, osati mizere yolembedwa. Sitepe iliyonse yomwe mwana ayenera kusankha chochita ilandire M imodzi. Funso la sitepe imodzi, monga kupeza 7², silifuna M, ndi B1 basi, ndipo kulikakamiza kukhala ndi njira kumangopangitsa ana kulemba zinthu zopanda ntchito. Pewaninso M2 yosagawika. Ngati sitepe ndi yaikulu moti ikuyenera malikisi awiri, nenani chomwe chingapezetse M1 yokha, apo ayi wochonga aliyense adzagawa mwa iye yekha. Theka la malikisi nalonso ndimalikana, chifukwa nthawi zambiri limatanthauza kuti wochonga sanafune kugamula.

Ndondomeko ikatha, iyeseni musanachonge mulu wonse. Tengani mapepala khumi osakaniza, a ana amphamvu, apakati ndi ovutika. Aliyense achonge payekha, akulemba malikisi pa pepala lina kuti mnzake asaone, ndipo alembe zilembo zonse, monga M1 M1 A0, osati chiwerengero chokha. Kenaka yerekezani mzere ndi mzere. Kuyerekeza ziwerengero zokha kumanamiza, chifukwa nonse mukhoza kupereka 3 pa zifukwa zosiyana. Pomwe mwasiyana, funso lisakhale lakuti walondola ndani, koma lakuti ndi mawu ati mu ndondomeko omwe alola kumva pawiri. Konzani mawuwo. Ngati mwasintha lamulo muli pakati pochonga, bwererani ku mapepala omwe munachonga kale. Zimathandizanso kuchonga funso limodzi pa mapepala onse musanapite pa lotsatira, popeza diso limazolowera zolakwa za funso limenelo.

Pa pepala la mwana lembani zilembozo pafupi ndi mzere womwe wapezera kapena kutayira malikisi, ndipo anawo muwafotokozere kamodzi tanthauzo lake pogwiritsa ntchito pepala longopeka pa bolodi. M'buku lanu la malikisi sungani mizati iwiri, wa M ndi wa A. Pakapita masabata angapo muyamba kuona zinthu. Mwana wa M zambiri koma A zochepa akumvetsa phunziro, vuto lake ndi kuthamanga kapena kuwerengera. Wa M zochepa akufunika kubwereza phunzirolo. Kalasi yonse ikataya M imodzimodzi, pamenepo ndi poti mubwererepo pophunzitsa, kapena muonenso ngati funsolo linalembedwa momveka.

Pali nthawi zina zofunika kupempha thandizo kunja kwa inu awiri. Ngati mwayesa mapepala khumi kawiri koma mukusiyanabe pa mizere yomweyomweyo, pitani kwa mkulu wa dipatimenti ya masamu kapena mphunzitsi amene anachongapo mayeso a bungwe loyendetsa mayeso, mutatenga ndondomeko ndi mapepala atatu omwe akuvutani, maina a ana ataphimbidwa. Ngati malikisi a mapepalawa alowa m'zotsatira za kumapeto kwa teremu kapena za satifiketi, musadalire zomwe ndalemba panozi zokha, chifukwa mabungwe a mayeso amasiyana pa nkhani monga yankho lopanda njira, njira ziwiri zosafufutidwa ndi kuwerenga funso molakwika. Pezani malamulo a bungwe lomwe ana anu adzalembe mayeso ake, ndipo ndondomeko yanu itsatire amenewo kuti ana azolowere. Kholo kapena mwana akabwera ndi dandaulo lomwe lakukanikani, liperekeni kwa mkulu wa dipatimentiyo pamodzi ndi ndondomeko yolembedwa, kuti achonge pepalalo payekha asanaone malikisi omwe inu munapereka.